Mawu a Mai Evelesi pa Kusala kwa Januwale

Inali 4 koloko madzulo, dzuwa la ku Bangula likuotchabe, ndipo mai Evelesi anali atapala kale nsomba makumi atatu za makakana kuseri kwa tchalitchi. Mpingo unali pa kusala kudya kwa masiku 21, kuyambira 6 m'mawa mpaka 6 madzulo, kenako onse n'kudyera pamodzi. Palibe komiti imene inawasankha kuti aziphika. Zinangochitika, monga zinangochitikira kuti otunga madzi ndi otsuka mapoto akhalenso iwo omwewo.

Koma anthu amawadziwa chifukwa cha mawu. Iwo ndiwo oyambitsa nyimbo, ndipo akaikweza, ngakhale akabaza pamsewu amachepetsa liwiro. Tsiku lotseka kusala kunali kubwera anzawo a ku Makhanga, ndipo nyimbo yolandirira alendowo inali yawo.

Madzulo amenewo, tsiku lachisanu ndi chinayi la kusalako, anayesa kuimba akutembenuza nsomba. Kunatuluka mawu a bakha.

Mai Veronika, oyandikana nawo nyumba, anaseka mpaka kukhala pansi. "Amake Linda, mwameza chule?"

"Sekani, sekani," ananong'ona mai Evelesi, nawonso misozi ili mbwembwembwe ndi phwete. Koma pachifuwa pankaotcha, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka ndi madzi owawasa kukhosi. Zaka ziwiri zapitazo anachira zilonda za m'mimba, ndipo chilungulira chinawatsalira.

Mawa lake mai Veronika anawaperekeza kuchipatala. Dokotala, bambo Macdonald, anayamba ndi mafunso. Chimbudzi chakuda ngati phula? Kusanza magazi? Chakudya kukakamira pakhosi? Kuwonda? Zonse ayi.

"Nanga mumadya nthawi yanji?"

"Anthu akatha."

"Chiyani?"

"Zotsala mupoto. Mitu ya nsomba, mafuta ake aja, tsabola wa kambuzi, ndi kabotolo kozizira."

"Kenako?"

"Kutsuka."

"Chowerama?"

"Kodi mapoto amatsukidwa chagada, adokotala?"

Bambo Macdonald anaseka, koma atamva za mankhwala anaika cholembera pansi. Omeprazole amene anawapatsa kale, mai Evelesi ankamumwa atakhuta, pogona, poopa kuti kumeza kanthu m'mawa n'kuipitsa kusala. Pamwamba pake ankaonjezera brufen wa pagolosale, chifukwa cha msana.

"Brufen ameneyo musiyiretu, angakutsegulireninso zilonda. Msana ukavuta, panado. Omeprazole amagwira bwino mukamumwa m'mimba mulibe kanthu, theka la ola musanadye. Kusala kwanu kumayamba 6 koloko. Imwani hafu pasiti folo, 5 koloko phala ndi madzi okwanira. Madzulo idyani pa 6 pomwepo, pang'onopang'ono, zopanda mafuta ambiri. Tsabola ndi zakumwa za thovu zidikire. Musawerame mutangodya, ndipo papite maola atatu musanagone. Bedi mulikweze kumutu ndi njerwa. Asidi akasiya kukwera kukhosi, mawu angathe kubwerera. Masiku ano musawakakamize."

"Ndiye ndisale?"

"Yesani motero. Ndi dzuwa lino madzi muzimwa ngakhale masana. Koma mukaona chimbudzi chakuda, magazi, chizungulire, kapena ululu ukakula, kusala kwatha, mubwere kuno tsiku lomwelo."

Za kumwa madzi masanazo zinawavuta mai Evelesi, choncho anadzera kwa abusa Sebastiano. Abusa anati odwala sakakamizidwa, ndipo madzi ndi mankhwala si phwando. Kenako anafunsa mwaulemu amene aziphika.

"Kuphika aphika," anayankha mai Veronika. "Koma mapoto, abusa, abambo a mumpingo muno manja ali nawo."

Madzulo amenewo madikoni awiri anagwada pa mchenga kukwecha mapoto, amayi akuwapatsa malangizo ochuluka kuposa mapotowo. Mai Evelesi anadya pa 6, atakhala pa benchi ngati mlendo, nsomba yootcha, osadziwa kuti manja awaike pati atamaliza. Kunyumba amuna awo, a Hilario, anakweza bedi ndi njerwa zitatu mbali iliyonse, ndipo m'mawa anadandaula kuti usiku wonse amatsetsereka ngati thumba la mapira pa ngolo. Anachotsapo imodzi imodzi.

Vuto linatsala limodzi. Foni ya mai Evelesi, imene ikanawadzutsa, inafera m'madzi chaka chatha, ndipo tsiku lachiwiri chichokereni kuchipatala anadzuka 6 itadutsa: opanda mankhwala, opanda phala. Pofika masana chifuwa chinayakanso. Kunatsala masiku asanu ndi anayi.

Anapita pampanda, kumene mai Veronika ankatsuka beseni lawo logulitsira nsomba.

"Anzanga," anatero ndi mawu osasa aja, "inu mumalawirira kudoko. Podutsa muzigogoda pa windo langa, hafu pasiti folo. Musachoke mpaka mutamva kuti ndameza. Ndipo mukamva bakha akuyankha, musathamangitse, ndine."