Mpando wa a Dikishonale

A Dikishonale anamasulira milandu pakhoti zaka makumi awiri, mpaka mpando wawo unakumbika molingana ndi thupi lawo. Ankatama liwiro. Mboni ikangoyamba mawu, iwo Chingerezi chatuluka kale, mchira wa mawuwo osaudikira.

Kenaka kunabwera womasulira wina, mayi wa digiri, woyankhula mozizira ngati alibe kopita. A Dikishonale atangoona chikwama chake chonyezimira, mtima unawawa. Mpando unali umodzi, choncho woweruza anati awiriwa ayesedwe pa mlandu wa njinga.

Mboni inaloza mlamu wake. "Njinga ndinamugulira ndine, koma iye anaigulitsa."

A Dikishonale analumphira: "I bought it, but he bought it."

Woweruza anavula magalasi. "Ndiye anagula onse awiri?"

Mayi uja anaimirira. "Ayi bwana. I bought it for him, but he sold it. Kugula ndi buy, kugulira ndi buy for, kugulitsa ndi sell. Njingayo ndiye inagulidwa, it was bought."

"Achemwali, zimenezo tinkazidziwa inu musanamere mano," anang'ung'udza a Dikishonale.

"Ndiye mukanazinena, achimwene."

Mpando unapita kwa mayi uja. Lero a Dikishonale amaitana mayina pakhomo la khoti, ndipo amauza aliyense kuti mayi uja amachedwetsa milandu. Koma chitseko satseka chonse. Amatchera khutu, kudikira tsiku lomwe mayiyo adzasokoneze kuphika ndi kuphikira. Ndi chaka chachitatu chino, akudikirabe.