Benchi ya a Overtoun

Winifred Chirwa anali ndi saluni ku Zolozolo mumzinda wa Mzuzu, kachipinda kamodzi pafupi ndi pomwe amaima akabaza. Mwamuna wake anamwalira kalekale, ana anakula, ndipo iye ankakhalira kuluka tsitsi la atsikana a ku yunivesite amene anadzaza m'makomo a lendi m'dera lonselo. Atsikanawo sakhala pansi tsiku lonse popanda intaneti. Nchifukwa chake Winifred anagula rauta yogawira intaneti, naikhomera pakhoma pafupi ndi windo.

Pasanapite nthawi kunayamba kubwera a Overtoun Mkandawire, bambo wopuma pantchito, wadazi long'anima, amene analibe choti n'kuluka. Tsiku loyamba anapempha pasiwedi ya Wi-Fi kuti atumize uthenga wa maliro. Mawa lake anabweranso, atathira perefyumu, nakhala pabenchi kunsi kwa windo. Ankapereka moni, "Monire, mama," n'kukhala mpaka dzuwa kupendeka, akumwetulira okha.

Winifred anaona ngati akudziwa chimene bamboyo ankafuna. Anayamba kuvala ndolo mkati mwa sabata. Tiyi ankawapatsira m'kapu ya alendo.

Koma intaneti inayamba kukwawa, ndipo bando ya mwezi inkatha mwezi usanafike pakati. Winifred anakadandaula kwa Maliamu, mnzake wa ku Mangochi amene anali ndi golosale pafupi, nayenso mwini rauta.

"Tiyeni tione amene akudya nawo," anatero Maliamu.

Atalowa mu saluni, Maliamu anasuzumira kunsi kwa rauta ya Winifred pomwe panali kapepala komata, nakopera adiresi ya manambala mu foni ya Winifred, kenako dzina ndi pasiwedi yolowera mu rautamo, yosiyana ndi ija ya Wi-Fi. Patsambalo panaoneka zonse zolumikizidwa: foni ya Winifred, TV, mafoni a makasitomala awiri, ndi ina yolembedwa kuti "Overtoun-wa-mpira".

Maliamu anasuzumira pawindo mwakachetechete. "Asisi, akumwetulira zigoli awa. Akuonera mpira."

Winifred anavula ndolo zonse ziwiri. "Achotseni."

"Sinthani pasiwedi, basi. Koma dziwani kuti onse agwa, ndi inu nomwe."

Winifred analemba yekha pasiwedi yatsopano, chala chikubaya galasi la foni ngati chikupha nsikidzi, nadina posunga. Nthawi yomweyo nyimbo za pa TV zinaduka. Mtsikana amene ankalukidwa anakuwa kuti kalasi yake ya pa intaneti yaima. Foni ya Winifred nayo inataya Wi-Fi.

"Mayo, ndadzithamangitsa ndekha m'nyumba mwanga!"

"Foniyo ikugogodabe ndi pasiwedi yakale," anatero Maliamu. "Iuzeni iiwale netiwekiyo, muisankhenso, mulembe yatsopano."

Foni inalowa. Makasitomala anawalembera yekha, atabisa ndi chikhatho. Yovuta inali TV. Ankasankha chilembo chimodzichimodzi ndi rimoti yomangidwa ndi mphira, ndipo atafika kumapeto inakana, chifukwa chilembo chachikulu anachilemba chaching'ono. Anayambiranso akutukwana chapansipansi m'Chitumbuka.

Kunjaku a Overtoun anali ataimirira. Anakweza foni m'mwamba. Anaigwedeza. Anakokera benchi kufupi ndi khoma, nakwera pamwamba pake, dazi n'kutulukira pawindo.

"Mama, netiweki yasuzga chomene lero?"

"Kuno ili bwinobwino, adada."

"Foni yanga ikuti pasiwedi yalakwika. Mwina mwasintha? Yatsopano ndi chiyani?"

Winifred anawayang'ana m'maso. "Gulani yanu."

"Aa, mama, tangondiuzani."

"Ndakuuzani. Gulani yanu."

Maliamu anathawira kuseri kwa katani, mpango uli kukamwa, pakuti pasiwedi inalidi imeneyo: GulaniYanu, ndi manambala angapo kumapeto. A Overtoun anatsika pabenchi, nati, "Yewo," mwaulemu wa munthu wolakwiridwa, n'kumapita.

Bando inayamba kufika kumapeto kwa mwezi. Winifred anauza aliyense kuti wapuma, ngakhale maso ake ankapitabe pawindo.

Kenako tsiku lina masana a Overtoun anatulukira, foni ili m'thumba. Sanakhale panja. Analowa, nakhala pampando wa makasitomala.

"Ndaganiza, mama," anatero. "Foni inanditsekereza maso. Munthu amafunika kucheza ndi anthu."

Ndipo anachezadi. Anafotokoza za ntchito yawo yakale ku nkhalango, za bondo lawo lamanzere, za mmene Mzuzu inalili tchire lokhalokha, za osewera onse amene akanawachotsa akanakhala kochi. Sanapume ngakhale pomeza malovu. Mtsikana wina ananyamuka tsitsi litalukidwa mbali imodzi, nati abweranso mawa.

Maliamu anasuzumira pakhomo, nanong'ona, "Asisi, ingowapatsani pasiwedi akhale chete."

"Ndiyambe ndafa," anayankha Winifred.

Anatenga dilaya, naiyatsa mpaka kumapeto, nayamba kuumitsa wigi youma kale. A Overtoun anangosendeza mpando, n'kukweza mawu.