Fulasiki ya K14

Makina anga osokera ndinawagulitsa K350 kwa telala wina wa pakhonde la sitolo pafupi ndi msika wa Nkhata Bay. Anali makina amene bambo anga anandipatsa pokwatiwa, ati ndisamapemphe sopo kwa mwamuna. Ndinalira powapereka, sindibisa. Telalayo anandilonjeza kuti ndikabweza ndalama yomweyo Khirisimasi isanafike ndidzawatenga, apo ayi adzawakweza sitima kupita kwa mwana wawo ku Usisya.

Chinandipusitsa chinali geni. Tinabwera kuchokera ku Dedza chifukwa amuna anga anali kalaliki paboma, ndipo ndinazolowerana ndi mayi wina wachitonga wa ku Chikale, mphunzitsi wopuma, amene ndinkangowaitana kuti Amama. Mlongo wawo ankagwira ntchito ku Joni. Anatigulira mafulasiki 60 pa marandi asanu imodzi, kuti tidzamubwezere marandi 300 katundu akafika. Masiku amenewo randi ndi kwacha zinkalingana, choncho m'mutu mwanga munakhazikika K300.

Katundu anayenda miyezi. Wa lole yochokera ku Joni anatenga K80. A kasitomu anatenga K220, ine nkungoti mayo. Kuchokera ku Blantyre mpaka padoko pathu, kuphatikiza sitima ndi onyamula, K40. Zonse K640, aliyense K320.

Tsiku lotsegula mabokosi, Amama ankatenga fulasiki iliyonse nkuigwedeza pakhutu. Zisanu ndi imodzi zinalira ngati chisekese, galasi lam'kati litaphwanyika.

"Mwanangu, usagulitse kanthu mpaka ndibwere ku Mzuzu," anatero, popita kubanki ndi mapepala kukatumiza marandi aja.

Ine kudikira? Ndinafika sitandade 8 ine, masamu ndinkawadziwa. Ndinagawa K640 ndi 60, ndinapeza K10 ndi matambala, ndinati K12 ndiye phindu lokhalokha. Zosweka zija ndinangoziwerengera limodzi ngati nazonso zidzagulidwa. Pofika madzulo akazi a kumalayini a boma anali atandilanda mafulasiki khumi. Ndinavina ndekha m'khitchini. Amuna anga anangofunsa kuti, "Chinthu chikamathamangiridwa chonchi, mwaika mtengo wabwino koma?" Ndinawauza kuti aziwerenga za boma, zanga azisiye.

Mawa lake Amama anatsika basi nkhope ili gwa. Anatseka chitseko kaye, poti nthawi imeneyo za ndalama ya dziko sunkadandaula mokweza.

"Kwacha anaitsitsa katundu ali m'njira. Randi tsopano ndi K1.20. Ndalipira K360."

"Koma tinagwirizana 300!"

"Marandi 300, mwanangu. Mlongo wanga sadya kwacha."

Anatulutsa pepala la kasitomu lija nkundilozera ndi chala. A kasitomuwo anali atawerengera kale katunduyo pa K360, nkuwonjezapo K80 ya lole, kukhala K440, ndipo msonkho wathu wonse unali theka la imeneyo. Ndiye kuti kugwa kwa kwacha kunatiluma kawiri, kubanki ndi kukasitomu. Pepalalo ndinali nalo mlungu wathunthu, koma ndinkangoyang'ana nambala yapansi. K30 imene inanditsalira pa makina inapita pomwepo, aliyense anali ataikamo K350.

Ndisanaulule za khumi aja, kunja kunamveka odi. Anali akazi a bwana wa amuna anga, fulasiki ili m'manja.

"Amayi, talawani tiyi uyu. Ndathira sikisi koloko m'mawa."

Ndinalawa. Anali wozizira ngati madzi a m'nyanja. Ndinawasinthira ina ndikupepesa mpaka mawondo kuwawa, uku Amama akundiyang'ana pamwamba pa mandala. Alendo atapita, Amama sanakalipe. Anangofunsa mtengo umene ndinagulitsira, nkunena mawu ena a Chitonga amene mpaka lero sanandimasulire.

Zinadziwika kuti fulasiki ikhoza kukhala chete pakhutu koma ili yakufa. Amama analamula kuti zonse zotsala ziyesedwe. Tinabwereka mapoto kwa anansi, tinawiritsa madzi kuyambira m'mawa, nkudzaza mafulasiki onse, kuwandandalika pakhonde ndi pansi pa mtengo wa mango. Anthu odutsa ankachotsa zipewa. Mayi wina anafika ndi nkhuni pamutu kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Ana anga anasamba madzi otentha madzulo amenewo ngati ana a bwana.

Dzuwa litapendeka tinkatsegula imodziimodzi nkupisa chala. Zitatu zinali zozizira, kuphatikiza yobwezedwa ija zinayi.

Amama anandikhazika pampando ngati mwana wa sitandade 2, nkundipatsa pensulo.

"Lemba. Katundu K360, osati 300. Lole K80. Msonkho K220. Sitima ndi onyamula K40."

"K700."

"Gawa."

"Ndi 60?"

"Zosweka zija ugulitsa kwa ndani? Nazonso zinakwera lole, zinalipira msonkho. Zamoyo ndizo zisenze zakufa."

Ndinachotsa khumi, kutsala 50. K700 kugawa ndi 50 inandipatsa K14. Fulasiki ya marandi asanu inali itafika pa Nkhata Bay ili ya K14, ine nkumagulitsa K12 ndikuvina! Tikanapitiriza choncho tikanatola K600, gawo langa K300, makina anga nkukwera sitima ndikuwaona.

Khumi aja anabweretsa K120 yokha, choncho 40 otsalawo anayenera kusenza K580, iliyonse K14.50 tisanaone phindu. Tinaika K16.

Ha, anthu anandinena! Dzana K12, lero K16, akuti Mchewa ameneyu wabwera kudzatimaliza. Ndinayamba kuyenda ndi fulasiki ya tiyi kuchipatala, kumaofesi, kwa aphunzitsi, ndikuthirira anthu madzulo tiyi wa m'mawa kuti apse milomo okha. Zinkatuluka, koma pang'onopang'ono.

Kutatsala tsiku limodzi kuti sitima yomaliza Khirisimasi isanafike inyamuke, tinali titagulitsa 36. Pamodzi ndi K120 ija inali K696, gawo langa K348. Amama anali ku Chintheche kuukwati, ndipo ndalama yawo sindikanaikhudza. Amuna anga ndikanawapempha, koma pambuyo pa mawu ndinawayankha aja, komanso poti makinawo anali oti ndisamapemphe kwa mwamuna, pakamwa panakana.

Ndinapita kwa telala. Makina anga anali atamangidwa kale m'chiguduli.

"Adada, yaperewera K2."

"Pangano ndi pangano, amama," anatero, osadzutsa mutu. Kenaka analoza dengu langa. "Zimenezo ndi zija za K12?"

K12 ikanandikwanira, theka lake linali K6. Koma pensulo ya Amama inali itandilowa m'magazi. Ndinayamba kuwayalira: lole, kasitomu, sitima, randi, zosweka, zozizira. Ndinafika mpaka pa mayi wa nkhuni uja.

"Basi, basi! Nayi K15, bola mukhale chete."

Ndinawerengera pomwepo pakhonde, K7.50 ya Amama padera, ndipo ndinawapatsa K350 yawo. Anamasula chiguduli okha nkundisenzetsa. Ndinakwera chitunda cha kumalayini khosi likuwawa, ndikuseka ndekha ngati wamisala.

Amama atabwera ndinawafotokozera monyada mmene ndinamukhwimitsira telala pamtengo. Anaseka mpaka kuvula mandala.

"Bambo amene aja? Mwanangu, mpingo wawo suloleza tiyi. Chibadwire sanamwepo."

Ndinadutsa pakhonde paja mlungu wotsatira. Fulasiki inali pashelefu, yosatsegula, pepala la ku Joni likadali pomwepo. Ndinapereka moni, iwo anayankha akusoka, ndipo za fulasikiyo sitinakambepo mpaka tinasamuka pa Nkhata Bay.