Anti Mathilda ndi majezi khumi ndi awiri

Ndamaliza sukulu chaka chino, ndipo ndisanasankhe kolowera ndikufuna kulemba za munthu amene palibe wamulembapo. Ndi Anti Mathilda, a pa nsanjika 14 m'nyumba yathu ku Scarborough. Amasamalira okalamba. Kale ankasewera pakati mu timu ya mpira wamanja ya amayi a ku Malawi okhala kunja kuno, yomwe inenso ndimaseweramo, mpaka bondo linawakana. Tsiku lomwe anasiya kusewera anatenga chikwama cha majezi, nati, "Izi ndi zanga tsopano." Kuchapa majeziwo ndiko kunawasunga mu timu.

Ankachapa modzipereka. Loweruka masewero akatha ankamanga majezi onyowa m'jumbo mpaka Lachitatu, tsiku lawo lopuma. Kenako onse khumi ndi awiri m'makina amodzi, sopo wambiri, mankhwala ofewetsa zovala makapu awiri. Kwathu mlendo sumupimira shuga, ndiye iwonso sankapimira timu yawo sopo. Majezi ankatuluka akununkhira maluwa.

Koma munthu akangovala n'kuthamanga pang'ono, fungo la thukuta linkadzuka.

Mayi Kettie, kaputeni, anayankhula pamaso pa onse, ineyo ndikumanga nsapato.

"Asisi, majeziwa mumachapa kapena mumangowapempherera?"

Anthu anaseka. Mayi Kettie anapitiriza: "Pa 6 July tikusewera ndi a ku Zambia ku Markham. Akanunkhanso, aliyense azichapa yake."

"Mundipatse masabata atatu," anatero Anti, osaseka.

Sabata yoyamba anawonjezera sopo. Fungo linakula. Chinawazunguza mutu n'chakuti malaya awo athonje, ochapidwa chimodzimodzi, sankanunkha. Ndiye anatenga jezi imodzi kupita nayo kwa Mayi Elsie, a ku Chipata, amene amayang'anira zochapa kuntchito kwa Antiwo.

Mayi Elsie anaisisita ndi zala, nanunkhiza. "Mumathiramo zofewetsa?"

"Makapu awiri."

"Mwaipaka mafuta ngati mkwatibwi. Iyi ndi poliyesita, mwana wa pulasitiki. Thonje limamwa madzi, ndiye pochapa madzi amalowa n'kutulutsa litsiro. Iyi madzi imawakana, koma mafuta a pakhungu imawagwira. Mabakiteriya amadya zimenezo n'kutulutsa fungo, ndipo m'jumbo yanu yonyowayo amaswana masiku anayi. Zofewetsa zimabwera n'kumatira zonsezo pamwamba. Sopo wochuluka satsukuluzika, amatsalira momwemo. Thupi likatentha, fungo lija limatuluka."

"Mukundithandiza chonsecho tikusewera ndi anthu anu?"

"Tikufuna tikuchinyeni tikupuma bwino."

Anti anabwera ndi botolo la viniga woyera. M'bafa anathira kapu imodzi ya viniga pa makapu anayi alionse a madzi, natembenuza majezi kuti mkati mukhale kunja, nawaviika theka la ola. Kenako anachapa asanu ndi limodzi pa nthawi, m'madzi ofunda monga kanenera kachikwangwani ka pakhosi, ndi sopo wopima, wa mtundu wokhala ndi maenzaimu ophwanya mafuta. Zofewetsa anapatsa aneba. Makina oumitsira anawasiya, chifukwa Mayi Elsie anati kutentha kwake kumakhomerera fungo lotsala. Anayanika m'nyumba pafupi ndi zenera lotsegula.

Majezi ouma sankanunkha, koma ngakhale kale ouma sankanunkha. Anti anadziwa kuti mphuno yokha siingawauze zoona popanda thupi lotentha. Anavala jezi ya nambala 7, ya Mayi Kettie, natsika pa chikepe, nayamba kukwera masitepe ndi bondo lawo lija. Ndinakumana nawo pa nsanjika 9 atagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepewo.

"Anti, chikepe chikuyendatu."

"Iwe, tanunkhiza apa."

Ndinanunkhiza. Fungo linalipo, pang'ono, m'khwapa.

Anamaliza masitepe, naviikanso majezi onse, ulendo uno m'madzi ofunda ndi ufa woyeretsa wa okosijeni, osasakaniza ndi viniga, napaka sopo m'makhwapa ndi manja. Mafuta a zaka ziwiri sachoka tsiku limodzi. Anakwera masitepe aja katatu masabata amenewo.

Pa 6 July kunatentha. A ku Zambia anatichinya 24 kwa 19, Mayi Elsie akuvina kunja kwa bwalo. Titamaliza, Mayi Kettie anavula jezi, naiyika pamphuno nthawi yaitali.

"Ili ndi thukuta la lero lokha," anatero.

Anayamba kutolera majezi a anzathu kuti awaike m'jumbo. Anti anawalanda jumboyo, nawapatsa chikwama cha ukonde chopita mphepo.

"Umu. Ndipo fulumirani, ndikukachapa lero lomwe."

"Simudya nafe, asisi?"

"Mundisungire ntchafu ya nkhuku."

Ananyamula chikwamacho n'kulunjika pokwerera basi, akutsimphina pang'ono.