Mawilibala a Zogwirira Zolumikiza

Achimwene anga amawotcherera zitsulo, koma mtima wawo ndi wa nkhuku. Moto wa makina sauopa, amaopa pepala. Kalata ikabwera amaigwira ndi nsonga za zala n'kundipatsa ine mlongo wawo, amene ndimawalembera zonse.

Zaka makumi awiri akhala akupanga mawilibala m'kashedi kawo ka malata. Chaka chatha mwini sitolo yaikulu ya zipangizo zomangira anayamba kutenga katundu wawo pa ngongole, kulipira pakatha miyezi iwiri. Pa pangano lomwe anasainirana katundu asanapite, ine ndinaumirira mzere umodzi: katunduyu akhalabe wa wogulitsa mpaka atalipiridwa. Achimwene anandipempha kuti ndiufufute, ati bwanayo akhumudwa. Ndinakana.

Mawilibala makumi awiri oyamba analipiridwa. Makumi atatu achiwiri, zii. Zitsulo zake achimwene anachita kukongola, chikole chake makina awo owotcherera, ndipo wazitsuloyo anali atanena kale kuti mwezi ukatha adzawanyamula.

Lolemba lina m'mawa tinamva kuti sitolo ija yagwa ndi ngongole. Achimwene anangokhala pansi, pa fumbi la zitsulo. Ana awo anayi amadya kuchokera pa makina aja.

Titafika kusitoloko tinapeza pageti pali khamu: wa penti, wa misomali, mayi wina wa matailosi akulira. M'kati munali bambo wa magalasi, woikidwa ndi khoti kuti agulitse zonse n'kugawira okongoza. Anawerenga pangano lathu mosathamanga.

"Mzere uwu wakuthandizani," anatero. "Katundu amene sanalipiridwe si wa sitolo, sindingamugulitse kuti ndilipire ena. Koma amene makasitomala anagula kale, osadziwa za pangano lanu, apita. Pa amenewo mukhala pamzere ndi anzanu panjapo, ndipo banki ili patsogolo."

"Otsalawo titenge?" ndinafunsa.

"Dikirani, amayi. M'nyumba yosungiramo katundu muli mawilibala makumi atatu, onse obiriwira, onse ofanana. Ena mwa iwo analipiridwa, amenewo ndi a sitolo. Mundionetse osalipiridwawo, ndi umboni. Apo ayi, onse ndigulitsa."

Ndinacheukira achimwene. Thukuta linali kamukamu, maso ali pa nsapato.

"Achimwene, palibe kachizindikiro kalikonse?"

"Palibe," anayankha mofulumira kwambiri.

Munthu amene munakula naye sangakunamizeni. Ndinawakokera kuseri kwa milu ya simenti.

"Mukubisa chiyani?"

"Iwe, andimangitsa."

"Akumangeni ndani? Madzi afika m'khosi, inu mukuopabe kunyowa?"

Anatulutsa kapepala m'thumba la ovolosi, kopindapinda, kakuda ndi girisi. Kanali kolandirira mawilibala achiwiri aja, kamene anandiuza kuti kanatayika. Pa nthawiyo mapaipi aatali anawathera, ndiye zogwirira anazipanga polumikiza zidutswa, n'kupala bwino, n'kupaka penti. Wosunga katundu wa kusitolo anaziona, ndipo analemba pakapepalapo, n'kudindapo: makumi atatu, onse zogwirira zolumikiza. Miyezi inayi achimwene akuyenda nako, akuganiza kuti n'chifukwa chake sakulipidwa. Kukafunsa ndalama ankaopa.

Ndinakwiya, komanso anandimvetsa chisoni.

Bambo wa magalasi anafananiza kapepalako ndi kope la sitolo, n'kutitsogolera m'kati. Wa penti ndi anzake anasuzumira pakhomo.

"Ndionetseni."

Achimwene anagwada pa wilibala yoyamba. Anatulutsa mpeni, koma unawapulumuka kawiri. Anapala penti, chitsulo chosalala. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatunso. Mtima wanga unali m'mwamba: bwanji ngati olumikiza onse anagulitsidwa? Pa yachinayi kanatulukira kamzera ka moto, kozungulira paipi ngati chipsera.

"Iyi ndi yanga," ananong'ona.

"Kwezani mawu, ndikulemba."

"Yanga. Yolumikiza."

Mawu amenewo anawanena kakhumi ndi kasanu ndi kanayi, pamaso pa anthu amene anawadziwa zaka zonsezi ngati mmisiri wosalakwitsa. Wa misomali anaseka.

"A wedala, kodi mumasokanso zigamba?"

Achimwene sanatukule mutu. Mayi wa matailosi yekha sanaseke. Iye analibe mzere ngati wathu pa pangano lake, ndipo matailosi ake anali pomwepo, akuwaona, osaloledwa kukhudza ngakhale limodzi.

Khumi ndi imodzi imene sitolo inali itagulitsa kale, ndalama yake sitinaionebe. Otsalawo tinawagulitsa motchipa, tikuuza aliyense za zogwirira, ndipo wazitsulo tinamulipira kutatsala masiku awiri. Makina akadali m'kashedi. Koma dzina linawamatirira. Mpaka lero kasitomala akaima pakhomo n'kufuula kuti, "A Zigamba alipo?" achimwene amadzidzimuka kaye, kenako n'kuzimitsa makina, n'kuvomera.