Mitundu Ili mu Fulashi

Aliyense wa ku Unit O amene anasindikizitsapo pepala pamasitolo a pa Makoni m'zaka zamavuto zija amawakumbuka a Mackson Chabwera. Anali ndi kachipinda kuseri kwa butchala, kompyuta imodzi, pulinta imodzi, ndi manja ouma kwambiri m'Chitungwiza monse. Kuuma manjako sanakuyambe okha. Bambo awo anachoka ku Dedza ali mnyamata nakalambira m'khitchini za azungu ku Harare, ndipo ankadula sopo ndi ulusi kuti pasagwe nyenyeswa. Mwana anatengera zomwezo, kungoti iye sopo wake anali inki.

Tisawaseke kwambiri. Mu 2008 inki sinkapezeka m'sitolo, monganso shuga ndi mafuta ophikira. Ankachita kuitanitsa kwa amayi okaoda katundu ku Francistown, ku Botswana, ndipo mtengo umene wamva m'mawa, pofika masana unali utasanduka nthano. Kabokosi ka inki yakuda a Mackson ankakathira okha ndi sirinji, zala zawo zili bii chaka chonse. Ka inki yamitundu kanali katatsala pang'ono kutha, ndiye ankakasunga ngati ndiwo za mlendo.

Munthu akabwera ndi PDF yamitundu, iwo ankayamba aisandutsa yotuwa. Ankaitsegula m'pulogalamu yokonzera ma PDF, n'kusankha kuti mitundu yonse isanduke yakuda, yoyera ndi yotuwa, kuti aoneretu pa sikirini mmene pepala litulukire. Kenako ankauzanso pulinta kuti igwiritse inki yakuda yokha, chifukwa ankadziwa kuti ukaisiya payokha imaba inki yamitundu n'kusakaniza popanga mtundu wotuwa. Fayilo yotuwayo ankaisunga ndi dzina lina, yamitundu n'kuisiya mmene inabwerera. Pa ntchito za makasitomala sanalakwitsepo zimenezi. Anadzalakwitsa pa ntchito ya mkazi wawo.

Mkazi wawoyo, a Tryness, anali telala. Makina awo ankalira pakhonde kuyambira m'mawa, iwo akuimba nyimbo za kwaya, kamwana kawo Winnet kakutola tizidutswa ta nsalu pansi. Anthu a m'Chitungwiza atasiya kusoketsa zovala chifukwa cha njala, a Tryness anaganiza zokafuna makasitomala ku Botswana. Anapangana ndi Ayubu, mnyamata wojambula zithunzi wa ku Zengeza 1, kuti iwo amusokere mkanjo wa ku mzikiti, iye awajambule atavala madiresi amene anasoka. Ayubu anajambula, nasanja zithunzizo kukhala PDF, diresi lililonse tsamba lake, n'kuika mu fulashi ya a Mackson.

Tsiku lojambulalo a Mackson sanaliko. Magetsi anali atayaka, ndipo masiku amenewo magetsi akayaka munthu ankasiya chakudya m'mbale n'kuthamangira ku ntchito.

M'mawa mwake a Tryness anafika ku kachipinda kaja nkhope ili ngwee.

"Bambo a Winnet, mundisindikizire yamitundu. Kamodzi kokha basi."

A Mackson anatsegula fayilo. Pa tsamba loyamba panali a Tryness ataima pafupi ndi mpanda, dzanja m'chiuno, akuseka mano onse pamtunda, atavala diresi lamaluwa. Mwamuna wina akanayang'ana mkazi wake. A Mackson anaona inki imene tsambalo likanamwa.

"Mayi a Winnet, masamba onsewa? Inki yanga ithera pa tsamba lachitatu. Anthu amagula kasokedwe, sagula mtundu."

"Inu munayamba mwagulako diresi?"

A Mackson anatembenukira ku kompyuta. Anasandutsa fayilo yotuwa, nasindikiza. Pepala loyamba litatuluka a Tryness analitembenuza uku ndi uku.

"Maiwe! Nanga maluwa anga aja apita kuti?"

Maluwa anali atasowadi. Nsaluyo inali ya mitundu iwiri, wofiira ndi wobiriwira, ndipo mitundu iwiriyo inali yofanana kuwala kwake. Itachotsedwa mtundu, yonse inasanduka phulusa limodzi, diresi n'kuoneka ngati yunifolomu ya wosesa m'chipatala.

"Musadandaule," anatero a Mackson. "Mitundu ili mu fulashi. Zinthu zikadzakhala bwino ndidzakusindikizirani yamitundu, pa pepala lonyezimira lija, tidzaika m'felemu."

Pakhomo panali mzere wa anthu ofuna makalata opita nawo kumalire a dziko, aliyense akuopa kuti magetsi azima. Mwaphuma, a Mackson anadina posunga, natseka fayilo, naitana wotsatira. Dzina sanasinthe.

Anazindikira tsiku lotsatira. Atatsegula fulashi anapeza fayilo imodzi yokha, yotuwa, itakhala pamalo pa yamitundu ija. Ankadziwa bwino tanthauzo lake. Pa chithunzi chamitundu kadontho kalikonse kamasunga kuchuluka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu. Ukachisandutsa chotuwa kamatsala ndi chinthu chimodzi, kuwala kwake basi. Mitundu yambirimbiri imapereka kutuwa kofanana, choncho palibe batani lobwezera. Njira inali imodzi, kupita kwa Ayubu kukatenganso.

Kuchoka pa Makoni kupita ku Zengeza 1 si ulendo woti munthu n'kutsanzika. Koma a Mackson anati ndipita Loweruka. Loweruka magetsi anayaka. Loweruka linalo anaswera pamzere ku banki. Kunena zoona, chinkawagwira miyendo chinali manyazi, kuti munthu wodziwa makompyuta ngati iwo akaulule kwa mnyamata kuti anadina molakwika. Tsiku limene anapita anapeza chipinda cha Ayubu mukukhala anthu ena. Mayi ake a Ayubu anati mnyamatayo anagulitsa kamera ndi kompyuta yomwe kuti apeze yokwerera basi ya ku Cape Town, ndipo wogulayo anafufuta zonse.

Kunyumba a Mackson sanaulule. A Tryness anapita ku Francistown ndi mapepala otuwawo, nabwerako opanda oda ndi imodzi yomwe. Madiresi onse, lamaluwa lomwe, anawagulitsa motchipa kuti abwere ndi ufa ndi mafuta. Sanakalipe. Anali munthu woseka zinthu. Nthawi zina, akuchotsa ulusi pakamwa, ankangofunsa kuti, "Baba vaWinnet, mitundu yanga ikadalipo?"

"Ilipo, ili mu fulashi."

Bodza limenelo analinena kambirimbiri, mpaka linazolowera pakamwa.

Mipope inali itauma kalekale, zonyansa za m'zimbudzi zikuyenda m'misewu, anthu akumwa madzi a m'zitsime zokumba kuseri kwa nyumba. Kolera inayamba mvula isanagwe, ndipo mvula itabwera inangoiwonjezera mphamvu. A Tryness anadwala m'mawa akuchapa. A Mackson anawakankha pa wilibala mpaka kumatenti kumene ankalandirira odwala, ndipo azaumoyo anawauza kuti adikire kunja kwa mpanda. Sanawaonenso. Mtembo unatuluka utakulungidwa m'pulasitiki, ndipo panalibe kuona nkhope, panalibe kusambitsa, panalibe kugona pamaliro monga timachitira. Anthu anaima patali, nyimbo n'kuimba imodzi yokha.

Azaumoyo anabwera kudzapopera nyumba ndi kolorini, ndipo anachita bwino, chifukwa Winnet sanadwale. Koma pakhoma pamwamba pa bedi panali chithunzi chaukwati, chopanda galasi, chongomata ndi tepi, popeza a Mackson ankati felemu ndi kuwononga ndalama. Mankhwala anachinyowetsa, mitundu inayenderera, nkhope n'kusanduka mabala oyera. Chinali chithunzi chokhacho cha a Tryness m'nyumba monse, kupatula kakang'ono kotuwa ka pachitupa.

Chaka chotsatira zinthu zinayambadi kukhala bwino. Ndalama zakunja zinaloledwa, masitolo anadzaza, ndipo inki inayamba kupezeka pa Makoni pomwepo. A Mackson anagula kabokosi katsopano ka mitundu, kodzaza. Anakaika mu pulinta n'kukhala pansi osadziwa chosindikiza. Zinawawawa kwambiri tsiku limenelo, kuposa tsiku la maliro, chifukwa pa maliro ankatha kuloza kolera.

Winnet, amene tsopano anali atayamba sukulu, ankabwera ku kachipindako akaweruka. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chishona, monga ana ambiri a kuno. Masana ena anaona kabokosi katsopano kaja ndipo anakumbuka zimene ankamva pakhonde.

"Baba, mavara aamai ari mufulashi," anatero, kuwakumbutsa kuti mitundu ya amayi ili mu fulashi. Anawakumbutsanso kuti analonjeza kudzasindikiza.

Bodza lija linafika pamilomo, koma nthawi ino linakana kutuluka. Anamukhazika pamwendo, natsegula fayilo, namuonetsa amayi ake otuwa, dzanja m'chiuno, akuseka.

"Mitundu mulibe, mwanangu. Ndinaifufuta ine, amayi ako ali moyo. Sindinawauze."

Mwanayo anayang'ana sikirini nthawi yaitali. Sanalire. Anapempha kuti amusindikizire tsamba loyambalo, ndipo a Mackson analisindikiza pa pepala labwino koposa limene anali nalo. Winnet anatsegula chikwama, natulutsa makrayoni ake a kusukulu, nayala pepala pa tebulo. Anati akongoletsa yekha. Anayamba ndi mpanda, kenako thambo. Atafika pa diresi anaima.

"Raiva rakaita sei?" anafunsa. Linali lotani?

"Linali lamaluwa. Lofiira ndi lobiriwira."

Anatenga krayoni yofiira m'dzanja lina, yobiriwira m'dzanja lina.

"Maluwa ndi ati, baba?" Apa anafunsa m'Chichewa, pang'onopang'ono, ngati mmene ankayankhulira ndi amayi ake.

A Mackson anatsinzina. Anakumbuka mzere wa anthu pakhomo. Anakumbuka kuti anawerengera m'mutu kuti tsambalo limwa inki yochuluka bwanji. Koma kaya anali maluwa ofiira pa nsalu yobiriwira, kaya obiriwira pa nsalu yofiira, sanathe kukumbuka. Anayandikira pepala mpaka mphuno kuligunda, ngati kuti phulusa lija liwauza.

"Sindikudziwa," anatero. "Sindinayang'ane."

Winnet anabweza makrayoni awiriwo m'bokosi. Anati adikira mpaka bambo adzakumbuke.

A Mackson akadali pa Makoni, tsitsi layera, ndipo masiku ano mayi akabwera ndi chithunzi amamusindikizira chamitundu ngakhale atalipira chakuda. Pepala lija analigulira felemu yagalasi. Mpanda ndi wabulauni, thambo ndi labuluu, diresi likadali lotuwa.