Wometa Anaona Dazi la Dokotala Ali Kudenga

Mphekesera ya mumsewu muno imati wometa tsitsi uja, amene anthu amawatcha a Lumo, anamwalira n'kukafika pakhomo la kumwamba, koma anawabweza chifukwa cholongolola. Akuti angelo anagwira m'makutu. Limenelo ndi bodza, ngakhale pa zolongololazo palibe angawaikire kumbuyo.

Zoona zake n'zakuti tsiku lina m'mawa, ali mkati mometa munthu, chifuwa chinawathina ngati wina wachikhalira, dzanja lamanzere n'kuchita dzanzi. Anathamangira nawo kuchipatala, wometedwa uja atatsala ndi tsitsi mbali imodzi. Dokotala anawerama kuwamvetsera pachifuwa, posakhalitsa mtima unaima. Anawapsinya pachifuwa, kuwaomba ndi makina amagetsi, mtima n'kudzukanso.

Zimene anaona pakati pamenepo, aliyense wokhala pampando wawo amazimva, afune asafune. Ululu unangoti zii. Anapezeka akuyandama kudenga, akuyang'ana thupi lawo pabedi ngati malaya ovula. Anaona kadazi pakati pa mutu wa dokotala, kobisidwa ndi tsitsi lopesera mbali. Kenako analowa mumdima wonga paipi, kutsogolo kukuwala, kuwala kosathobwa m'maso. Moyo wawo wonse unadutsa, mpaka khutu la mwana limene anacheka akuphunzira ntchito. Mayi awo ndi achimwene awo, omwalira kalekale, anaima tsidya lina la kangalande, ndipo a Lumo anangodziwa kuti akadumpha sabwereranso. Mwadzidzidzi anali pabedi, nthiti zikuwawa.

Chibwerereni imfa sankaiopanso, ndipo vuto linagona pamenepo. Akazi awo, posesa mushopu, anapeza mapiritsi a mtima m'dilowa ya zipeso, osamwedwa. Anaitana anthu awiri: mkulu wa mpingo, ndi mlamu wa a Lumo, namwino wosakhulupirira chinthu asanachigwire.

“Mzimu unatuluka m'thupi,” anatero mkulu wa mpingo. “Nanga dazi analiona bwanji maso ali chitsekere?”

“Dokotala anawaweramira asanakomoke,” anayankha namwino. “Wometa angaphonye dazi? Alamu, ubongo ukapereweredwa magazi, maso amayamba kuda m'mbali, kuwala n'kutsala pakati. Paipi yanu ndi imeneyo. Mtendere uja mwina ndi timankhwala ta m'ubongo toziziritsa ululu. Palinso mbali ya ubongo imene imakuuzani pomwe thupi lanu lili. Ikasokonezeka, mumadziona muli kudenga.”

“Ndiye bwanji anthu a m'maiko osadziwana amasimba zofanana?”

“Ubongo ndi umodzimodzi, abambo. Koma taonani, aliyense amakumana ndi akwawo ndi za chipembedzo chake. M'zipatala zina anabisa zithunzi pamashelefu a m'mwamba kuti oyandamawo azione. Sanapezeke wozitchula.”

“Munthu akuona ulemerero, aziyang'ana pashelefu?”

Namwino anaseka n'kuvomera kuti pali zimene akuchipatala sanazimvetse: ambiri amene mtima unawaimapo sakumbukira kanthu, pomwe ochepawa amakumbukira mwandondomeko, n'kusinthiratu khalidwe.

A Lumo ankangotsuka makina awo ometera, akumwetulira. Kwa iwo onse awiri ankatsutsana za mudzi umene sanaupondepo. “Kaya ndi mzimu, kaya ndi ubongo, kunali bwino,” anatero. “Ndizimezeranji mapiritsi ochedwetsa ulendo?”

Apo mkulu wa mpingo ndi namwino anagwirizana koyamba chibadwire, onse kukalipa pamodzi. Sizinathandize. Akazi awo ndiwo anakhala pampando wometera, n'kuwayang'ana pagalasi.

“Bambo a ana, tsidya la ngalande lija kunali amayi ndi alamu. Ine ndinaliko?”

“Iwe uli moyo, ukanapezekako bwanji?”

“Nanga mukuthamangira kumene kulibe ine? Zaka zonsezi ndasesa tsitsi lanu lomweli.”

A Lumo anasiya kutsuka makina. Panali chinthu chimene sanauzepo wometedwa aliyense, ndipo tsopano anachiulula: pa moyo wonse umene unadutsa uja, chimene chinachedwa kudutsa chinali mtsikana, yemwe lero ndi mkazi wawoyu, atawagwirira galasi losweka pansi pa mtengo, asanakhale ndi shopu, akuwaseka kuti ameta mokhota. Ndipo pangalande paja ankamva mawu ake, akukuwa m'khonde la chipatala.

“Makutu amatha kumamvabe munthu atakomoka,” anatero namwino atamva.

“Mulungu anawatsegula makutu,” anatero mkulu wa mpingo.

“Tandipatsa madzi,” anatero a Lumo, n'kumeza piritsi, nkhope itakwinyika ngati ya mwana.

Lero amamwa m'mawa uliwonse, akazi awo ataimirira pomwepo mpaka atayasamula. Wina akawafunsa ngati n'zoona kuti kumwamba anawabweza chifukwa cha pakamwa, amamuweramitsa mutu n'kuyatsa makina.

“Palibe anandibweza. Ndinabwerera ndekha, akazi anga ankaitana. Khala bwino, ndingakucheke khutu.”